Kuyezetsa shuga pomwa madzi a gulukosi: zimene zimasokoneza zotsatira ndi mmene mungazikonzere

Pa njira zonse zoyezera matenda a shuga, yomwe imabweza anthu kawirikawiri kuti akabwerenso tsiku lina ndi iyi yomwa madzi otsekemera kenako n'kudikira maola awiri. Pa pepala lochokera kwa dokotala imalembedwa ndi zilembo zinayi, OGTT, ndipo ambiri amakumana nayo ku sikelo, mimba ikakwana masabata 24 mpaka 28, ngakhale kuti amaigwiritsanso ntchito kwa abambo ndi amayi osayembekezera pamene kuyeza kwa pachala kwapereka nambala yosadziwika mbali. Chomvetsa chisoni n'chakuti zambiri zimene zimawononga kuyezaku sizichitika m'chipinda choyezera magazi ayi, koma kunyumba, panjira ndi pabenchi yodikirira, ndipo wozichitayo amakhala akuganiza kuti akuchita bwino. Mayi amasiya nsima kwa sabata yathunthu poopa kuti am'peza ndi shuga, wina amamwa tiyi wopanda shuga m'mawa poganiza kuti si chakudya, wina amaona kuti maola awiri ndi ambiri n'kupita kaye kumsika. Onsewa amapeza nambala papepala, koma nambalayo sifotokoza zoona za thupi lawo.

Kuti malangizo onse amveke, ndi bwino kudziwa funso limene kuyezaku kumafunsa thupi. M'magazi onse a munthu wamkulu amene sanadye mumayenda gulukosi, yemwe ndi mtundu wa shuga wopezeka m'magazi, wokwana pafupifupi supuni imodzi yaing'ono basi. Pa tsiku loyeza, munthuyo amamwetsedwa magalamu 75 nthawi imodzi, omwe ndi masupuni aang'ono oposa 15, kenako achipatala amaona kuti thupi lachotsa shugayo m'magazi mofulumira bwanji pogwiritsa ntchito insulini, timadzi timene timatsegulira shuga njira yolowera m'minofu. Malire amene zotsatira zimayerekezedwa nawo anakhazikitsidwa poyeza anthu amene anadya bwino masiku am'mbuyo, anagona osadyanso kanthu, anamwa muyeso womwewo m'mawa ndipo anakhala pansi nthawi yonse. Mukasintha chimodzi mwa zimenezi, nambala yanu ikuyerekezedwa ndi malire amene sanapangidwire mmene inu mwayezedwera.

Vuto loyamba: kusiya nsima masiku oyandikira kuyeza

Ili ndi vuto limene ndimaliona kuti ndi lalikulu kuposa ena onse, chifukwa silioneka ndipo kawirikawiri palibe amene amafunsa za ilo. Munthu akauzidwa kuti Lachinayi adzabwere kudzayezetsa shuga, mantha amam'gwira, ndiye amayamba kudzilanga yekha: nsima aisiya, mbatata aisiya, tiyi akumwa wopanda kanthu, akungodya masamba ndi nsomba. Iye amaganiza kuti akutsitsa shuga kuti zotsatira zidzatuluke bwino, koma chimachitika ndi chosiyana. Thupi likakhala masiku angapo lisakulandira zakudya zokhutitsa monga nsima, mpunga, chinangwa ndi buledi, limazolowera kuwotcha mafuta ndipo limachedwa kutulutsa insulini yokwanira shuga akabwera mwadzidzidzi. Pa tsiku loyeza, magalamu 75 aja amapeza thupi lisanakonzeke, shuga amakwera kwambiri ndi kuchedwa kutsika, moti munthu amene alibe vuto angathe kuoneka ngati ali nalo.

N'chifukwa chake malangizo a Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse amanena kuti kwa masiku atatu kuyeza kusanachitike munthu azidya monga mwa masiku onse, ndipo chakudya chake chikhale ndi magalamu osachepera 150 patsiku a zakudya za gulu la sitachi ndi shuga. Chiwerengerochi chisakuopseni, chifukwa kwa munthu wodya nsima kawiri patsiku n'chosavuta kuchikwanitsa. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi a ufa wa chimanga ndi sitachi, kutanthauza kuti ufa wokwana magalamu 200 pa tsiku lonse, kuphatikiza wa phala la m'mawa, nsima ya masana ndi ya madzulo, ukufikitsani kale pamenepo musanawerengere nyemba, nthochi kapena mbatata. Palibe chifukwa chowonjezera zotsekemera kapena kudya mopyola muyeso. Chofunika n'chakuti mbale yanu ya Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu ifanane ndi mbale yanu ya masiku onse, ndipo chakudya cha madzulo omaliza chikhale ndi nsima kapena mpunga, osati ndiwo zokha.

Ngati mwazindikira mochedwa kuti mwakhala mukudzimana chakudya, kapena simunathe kudya bwino chifukwa cha kusanza kwa mimba, kutsekula m'mimba kapena kusala kudya kwa mapemphero, musabise. Uzani namwino musanamwe madzi aja, ndipo njira yabwino nthawi zambiri imakhala kusuntha tsiku loyeza kuti mupeze masiku atatu odya bwino. Kusuntha ndi masiku anayi kapena asanu sikuwononga kanthu pa mimba ya masabata 25, pamene zotsatira zolakwika zingakuikeni pa ndondomeko ya zakudya ndi maulendo a kuchipatala amene simunafunikire.

Vuto lachiwiri: kusala kudya kochepa kapena kopitirira

Usiku woti mawa mukuyezedwa muyenera kukhala osadya kwa maola osachepera 8 ndiponso osapitirira 14. Anthu ambiri amamva gawo loyamba lokha, ndipo ngakhale gawo limenelo limasweka mosavuta chifukwa mawu akuti "musadye" ena amawamva ngati akunena za chakudya chotafuna. Thobwa, maheu, phala lamadzi, mkaka, tiyi ngakhale wopanda shuga, khofi, chingamu, switi yochotsa mseru ndi mankhwala amadzi a chifuwa omwe amakhala otsekemera, zonsezi zimaswa kusala. Chololedwa ndi madzi akumwa opanda chilichonse, ndipo ndikulimbikitsa kuti mumwe ndithu kapu imodzi kapena awiri podzuka, chifukwa munthu wouma kukhosi mitsempha yake imabisala ndipo wotenga magazi amavutika kuipeza, pamene akufunika kuipeza kawiri kapena katatu m'mawa umodzi. Fodya, wosuta kapena wofwenkha, asagwiritsidwe ntchito kuyambira m'mawa mpaka kuyeza kutatha, ndipo mowa usamwedwe dzulo lake.

Gawo lachiwiri, loti kusala kusapitirire maola 14, ndi limene limavuta kwambiri kwa anthu okhala kutali ndi chipatala. M'makomo ambiri, makamaka kumene kulibe magetsi, nsima ya madzulo imadyedwa dzuwa likangolowa. Mukamaliza kudya 6 koloko madzulo, maola 14 amakwana 8 koloko m'mawa, nthawi imene mwina mudakali pamzere wolembetsa buku lanu la kuchipatala. Magazi oyamba akatengedwa 10 koloko, ndiye kuti mwakhala maola 16 osadya, thupi layamba kale kuchita ngati lija losiya nsima, ndipo kwa mayi woyembekezera chizungulire ndi mseru zimakhala zayandikira madzi otsekemera asanafike n'komwe pakamwa. Kukonza kwake n'kosavuta: werengani chobwerera m'mbuyo kuchokera pa nthawi imene mukuyembekeza kutengedwa magazi. Ngati ndi cha m'ma 8 koloko m'mawa, chakudya chomaliza chithe pakati pa 8 ndi 10 koloko usiku. Mukhoza kudya nsima pa nthawi yanu yachizolowezi, kenako n'kusiya kachidutswa ka mbatata, nthochi kapena kapu ya phala kuti mudye cha m'ma 9 koloko, ndipo kusala kumayamba kuwerengedwa kuchokera pamenepo. Lembani nthawiyo penapake, chifukwa ndi funso loyamba limene wokuyezani ayenera kukufunsani.

Pa tsiku limene akukupatsani deti, funsani kuti mukafike nthawi yanji, pakhomo liti, komanso ngati muyenera kuima pamzere wa anthu onse kapena kupita molunjika kumene amatenga magazi. Kuyezaku kumayenera kuchitika m'mawa, osati chifukwa cha njala yokha, koma chifukwa thupi la munthu limachedwerapo kutsitsa shuga masana ndi madzulo poyerekeza ndi m'mawa. Ngati nthawi yafika 11 koloko musanayambe, ndi bwino kufunsa ngati kuli koyenera kupitiriza kusiyana ndi kungopirira.

Matenda ndi mankhwala

Munthu amene akudwala malungo, amene thupi latentha, kapena amene wangochira kumene matenda aakulu sayenera kuyezedwa mwa njirayi mpaka atapeza bwino, chifukwa thupi likamalimbana ndi matenda limatulutsa timadzi tokweza shuga. Mankhwala ena amachitanso chimodzimodzi. Odziwika kwambiri ndi puredinisoloni ndi dekisamethazoni, kuphatikizapo jakisoni amene amabayidwa kwa mayi amene akuoneka kuti angabereke masiku asanakwane pofuna kukhwimitsa mapapo a mwana, yemwe amakweza shuga kwa masiku angapo. Mapiritsi ena a kuthamanga kwa magazi okodzetsa amakwezanso shuga pang'ono, pamene kwinini amamutsitsa. Musasiye mankhwala aliwonse mwa inu nokha, makamaka otalikitsa moyo, a kuthamanga kwa magazi kapena a khunyu. Tengani mapaketi ake onse pa tsiku lolandira deti, muwaonetse, ndipo mufunse kuti ndi ati amene mumwe m'mawa ndi madzi, ndi ati amene adikire. Mapiritsi owonjezera magazi amene amaperekedwa ku sikelo amachititsa mseru akamwedwa m'mimba mopanda kanthu, choncho funsani ngati mungawamwe kuyeza kutatha, limodzi ndi chakudya.

Pali anthu amene sayenera kumwa madziwa n'komwe. Amene akudziwika kale kuti ali ndi matenda a shuga sakufunikira kuyezaku, ndipo amene anachitidwa opaleshoni yodula kapena kuchepetsa chifu angathe kudwala nawo kwambiri, choncho anene msanga kuti achipatala asankhe njira ina. M'zipatala zambiri amayamba ayeza kaye pachala, ndipo akapeza kuti shuga ndi wokwera kale munthu asanadye, samupatsa madziwo chifukwa yankho lapezeka kale. Zikakuchitikirani, musaone ngati akukanizani chithandizo.

Madzi otsekemera

Muyeso wake ndi magalamu 75 a gulukosi osungunulidwa m'madzi okwana mamililita 250 mpaka 300, omwe ndi kapu imodzi yaikulu, ndipo onse ayenera kutha m'mphindi zisanu. Ana amapatsidwa molingana ndi kulemera kwawo, magalamu 1.75 pa kilogalamu iliyonse, koma osapitirira 75. Kwina amapereka botolo losakaniza kale, kwina amasungunula ufa woyera inu mukuona, ndipo kwina angakupempheni kuti mubwere ndi ufawo kuchokera kogulitsira mankhwala. Zikatero, musayese nokha ndi supuni kunyumba. Bweretsani paketi yosatsegula kuti achipatala awerenge zolembedwapo ndi kuyeza pa sikelo yawo, chifukwa mtundu wina wa ufa wa gulukosi uli ndi madzi mkati mwake ndipo pamafunika magalamu 82.5 kuti ufanane ndi 75 a mtundu wouma. Shuga wa mu tiyi sangalowe m'malo mwake, popeza theka lokha la shuga ameneyu ndi gulukosi, ndipo botolo la chakumwa choziziritsa kukhosi la mamililita 300 lili ndi shuga wosafika ngakhale theka la muyeso wofunika.

Amene sanalawepo amaganiza kuti kumwa madzi otsekemera ndi gawo losavuta, koma kutsekemera kwake ndi koopsa, kumamata kukhosi ngati uchi wosungunula, ndipo kumabwera m'mimba mopanda kanthu. Zolakwika ziwiri zimachitika apa. Ena amagugudiza zonse kamodzi kuti athane nazo, ndipo m'mimba mumabweza. Ena amamwa pang'onopang'ono kwa mphindi 20, kapena amasiya zotsalira pansi pa kapu pamene pakhala ufa wosasungunuka bwino, ndipo akatero thupi silinalandire muyeso wonse pa nthawi yoyenera. Njira yapakati ndiyo kugawa kapuyo m'maganizo m'zigawo zinayi kapena zisanu, kumwa chigawo chimodzi mphindi iliyonse, kupuma mozama pakati pake, ndipo pomaliza kutsukuluza kapuyo ndi madzi pang'ono n'kumwanso. Madzi ozizira amamweka bwino kuposa ofunda, choncho ngati chipatala chikulola, tengani botolo la madzi ozizira loti asungunulire. Malo ena amalola madontho ochepa a ndimu kuti achepetse kutsekemera, koma funsani kaye, musathire mwa inu nokha.

Yang'anani wotchi pamene mukuyamba kumwa, osati pamene mwamaliza, chifukwa maola awiri amawerengedwa kuchokera pa kumeza koyamba. Lembani nthawiyo pachikuto cha buku lanu kapena ikani alamu pa foni. Namwino m'modzi angakhale akusamalira anthu ambiri m'mawa umenewo, ndipo si mwano kumukumbutsa mwaulemu kutatsala mphindi zisanu kuti, "Amayi, nthawi yanga ya magazi achiwiri yatsala pang'ono."

Mukasanza

Mseru ndi wofala, makamaka m'theka loyamba la ola. Kukhala mowongoka pamalo opita mphepo, kumasula chitenje pamimba, kupewa fungo la zakudya ndi kunyowetsa kukhosi ndi madzi pang'ono ngati akulolani zimathandiza. Koma mukasanza, ngakhale pang'ono, uzani wokuyezani nthawi yomweyo. Palibe amene angadziwe kuti mwa magalamu 75 aja ndi angati atuluka, choncho kupitiriza kungopereka nambala yotsika monyenga, ndipo kumwanso kapu ina tsiku lomwelo sikukonza kanthu chifukwa gawo lina la shuga woyamba lalowa kale m'magazi. Kuyezako kumaimitsidwa n'kubwerezedwa tsiku lina. Ndikudziwa kuti kwa munthu amene walipira minibasi ndi kusiya ana kwa aneba, mtima umafuna kungokhala chete n'kubwerera pabenchi ngati palibe chachitika, koma shuga wa pa mimba akabisika chotere, mwana angakule mopitirira m'mimba n'kuvuta pobadwa, ndiponso shuga wake angatsike kwambiri atangobadwa popanda amene anakonzekera zimenezo. Ngati mwasanza maulendo awiri, dokotala angathe kukupatsani mankhwala oletsa kusanza ulendo wotsatira kapena kusankha kuyeza shuga wanu wa m'mawa ndi wa mutadya kwa masiku angapo m'malo mwake.

Maola awiri odikira

Lamulo la nthawi imeneyi ndi kukhala pansi. Minofu ya m'miyendo ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi ngakhale popanda insulini yambiri, choncho munthu amene wayenda kupita kumsika, wakwera masitepe kangapo kapena wazungulira chipatala atabereka mwana kumbuyo amatsitsa shuga wake ndi miyendo, ndipo vuto limene limafunidwa limabisika. Kupita kuchimbudzi kuli bwino, koma kupita ku dipatimenti ina kukalandira mankhwala kapena kukazonda wodwala kudikire. Musadye, musatafune chingamu, musasute. Konzekerani nthawiyi ngati ulendo: tengani chowerenga kapena choluka, chofunda ngati ndi mwezi wa Juni, ndipo ngati muli ndi mwana wamng'ono bwerani ndi munthu woti azimuyang'anira, chifukwa kuthamangitsa mwana pakhonde ndi ntchito yokwanira kusintha zotsatira.

Funso la ulendo wa m'mawa ndi lovutirapo. Kuyenda pang'ono kupita pa siteji si vuto, koma kuyenda makilomita angapo mofulumira kapena kupalasa njinga nokha muli ndi njala musanayezedwe si kukonzekera kwabwino. Ngati n'kotheka kwerani kabaza tsiku limenelo, kapena gonani kwa achibale pafupi ndi chipatala. Ngati palibe njira ina, nyamukani msanga, yendani mosathamanga, pumulani musanatengedwe magazi oyamba, ndipo nenani kuti mwayenda mtunda wotani. Dzulo lake gwirani ntchito zanu zachizolowezi, koma lisakhale tsiku lolima munda wonse kapena lonyamula matumba.

Tiyerekeze mayi wa mimba ya masabata 26 amene wachita zonse m'dongosolo. Wamaliza kudya 8 koloko usiku, wafika 7 koloko m'mawa, ndipo magazi oyamba atengedwa 7:30, atasala maola 11 ndi theka. Wayamba kumwa 7:35 ndi kumaliza 7:40, choncho magazi achiwiri ayenera kutengedwa 8:35 ndipo omaliza 9:35. Malire amene Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse linakhazikitsa mu 2013 a shuga wa pa mimba, pa muyeso wa shuga m'magazi wotchedwa mmol/L, ndi 5.1 asanamwe, 10.0 patatha ola limodzi ndi 8.5 patatha maola awiri, ndipo nambala imodzi yokha ikafika kapena kupitirira malire ake ndi yokwanira. Tinene kuti zotsatira zake ndi 4.7, 9.4 ndi 8.8. Ziwiri zoyambazo zili pansi pa malire, koma yachitatu yadutsa 8.5, choncho mayiyu ali ndi shuga wa pa mimba ndipo ayamba kuthandizidwa.

Tsopano tiyerekeze kuti mayi yemweyu, atatengedwa magazi a 8:35, watuluka kukagula ndiwo kunja kwa mpanda, wayenda kwa mphindi 30, ndipo pobwera wapeza mzere moti magazi omaliza atengedwa 10 koloko m'malo mwa 9:35. Pa nthawi imeneyo shuga amakhala akutsika mphindi iliyonse, ndipo kusiyana kwa 8.8 ndi 8.5 n'kochepa kwambiri moti kuyenda kuja ndi kuchedwa kwa mphindi 25 n'zokwanira kutsitsa nambalayo pansi pa malire. Pepala lake lidzaoneka labwino, adzabwerera kunyumba wosangalala, ndipo palibe chizindikiro chilichonse papepalapo chosonyeza kuti china chalakwika, pokhapokha ngati nthawi yeniyeni yotengera magazi yalembedwa. Ichi n'chifukwa chake ndimalimbikira kuti nthawi izilembedwa, ndi inu komanso ndi wotenga magazi, ndipo magazi akachedwa kutengedwa ndi mphindi zoposa zochepa chabe, dokotala wowerenga zotsatira adziwitsidwe.

Zimene zimachitika magazi atachoka m'thupi

Gawo ili lili m'manja mwa achipatala, komabe ndi bwino kulidziwa. Magazi akakhala m'kabotolo, tizigawo take timapitiriza kudya shuga, moti akangosiyidwa patebulo m'chipinda chotentha nambala imatsika ndi magawo 5 mpaka 7 pa 100 aliwonse pa ola. Magazi amene anali ndi 5.3 angathe kuwerengedwa 5.0 patatha ola limodzi, ndipo akatero atsika pansi pa malire a 5.1. N'chifukwa chake amagwiritsa ntchito timabotolo ta chivindikiro chotuwa tokhala ndi mankhwala oletsa zimenezi, ndipo kabotolo kalikonse kamayenera kupita msanga kopimira kapena kuikidwa pa ayezi, osati kudikira kuti onse atatu akwane. Akakutumani kuti mukapereke nokha kabotolo komaliza, pitani nako molunjika. Kumene amayeza ndi kachipangizo ka pachala chifukwa palibe njira ina, sambani m'manja ndi sopo ndi kupukuta bwino musanabayidwe, popeza kadontho ka madzi otsekemera kapena kafumbi ka ufa wa gulukosi kotsalira pachala kamakweza nambala kwambiri. Kachipangizoka sikalondola ngati magazi a mumtsempha, choncho nambala yoyandikira malire ingafunike kutsimikizidwa.

Powerenga pepala lanu, onani kaye muyeso umene agwiritsa ntchito. Zipatala zina zimalemba mmol/L, zina mg/dL, ndipo kuti musinthe kuchoka pa woyamba kupita pa wachiwiri mumachulukitsa ndi 18, moti 5.1 ndi 92, 10.0 ndi 180, ndipo 8.5 ndi 153. Kwa munthu wosayembekezera malire ndi ena ndipo kawirikawiri magazi amatengedwa kawiri kokha: patatha maola awiri, nambala yochepera 7.8 ndi yabwino, kuyambira 7.8 mpaka 11.0 ndi chizindikiro choti thupi layamba kulephera kutsitsa shuga, ndipo 11.1 kupita m'mwamba, kapena 7.0 asanamwe, ili m'gulu la matenda a shuga, ngakhale kuti kwa munthu wopanda zizindikiro amatsimikiza ndi kuyeza kwina tsiku lina. Amayi amene akuyendera sikelo ku Britain adzapeza kuti zipatala zambiri kumeneko zimatsata malire a 5.6 asanamwe ndi 7.8 patatha maola awiri, choncho musayerekeze pepala lanu ndi la m'bale wanu wa kudziko lina musanafunse malire amene chipatala chanu chimatsata.

Magazi omaliza akatengedwa

Musanyamuke ulendo wobwerera musanadye. Thupi limakhala litatulutsa insulini yambiri pofuna kuthana ndi magalamu 75 aja, ndipo mwa anthu ena insuliniyo imapitiriza kugwira ntchito shuga atatha kale, moti patatha maola atatu kapena anayi kuchokera pamene anamwa amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira, kumva njala yoopsa ndi kuona chizungulire. Zimenezi zikakupezani pa siteji ya minibasi kapena kumbuyo kwa kabaza, mukhoza kugwa. Bwerani ndi chakudya chenicheni m'chikwama, monga mbatata yophika ndi mtedza, buledi ndi dzira, kapena chigumu, ndipo mudye muli chikhalire pabenchi pomwepo. Zizindikirozi zikayamba magazi omaliza asanatengedwe, musadye mobisa, koma itanani namwino kuti ayeze shuga nthawi yomweyo n'kuona ngati kuyezako kuyenera kuimitsidwa.

Musanachoke, funsani tsiku limene zotsatira zidzatuluke ndi munthu amene adzakufotokozereni, ndipo onetsetsani kuti nambala zonse zalembedwa m'buku lanu pamodzi ndi nthawi zake, osati mawu akuti "zili bwino" okha. Kwa mayi amene wapezeka ndi shuga wa pa mimba, kuyeza shuga kumadzachitikanso patatha pafupifupi masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo atabereka, pofuna kuona ngati shuga wabwerera m'malo mwake, ndipo akadzasankha njira yomweyi ya madzi otsekemera, kukonzekera kudzakhala komweku, kungoti malire owerengera adzakhala a munthu wosayembekezera ndipo padzafunika wina wonyamula khanda pa maola awiri odikirawo.